Mkodzo wofiira si kukula, ndipo si wonse womwe uli likodzo

Lero tikambe za mkodzo. Ndikudziwa kuti ndi nkhani yomwe ambiri timaichitira manyazi, koma amene mumachapa zofunda za ana m'mawa, amene mumataya chitini cha odwala, ndinu amene mumayamba kuona zinthu zomwe ife a kuchipatala timadzaziona patapita masiku.

Kuno kwa Malengachanzi, ndi kunyanja konse kuno ku Nkhotakota, tili ndi vuto lomwe anzathu a kumtunda alibe kwenikweni. Mkodzo wa magazi tinauzolowera. Mwana wamwamuna akayamba kukodza magazi, ena amati wayamba kukula. Ena amati ndi likodzo basi, adzamwa mankhwala akadzabwera a zaumoyo kusukulu. Maganizo anga ndi akuti kuzolowera kumeneku kukutipweteka pawiri. Likodzo lenilenilo timalisiya zaka mpaka liwononge m'kati. Komanso matenda ena oopsa kwambiri, omwe sadikira ngakhale masiku awiri, timawapatsa dzina la likodzo chifukwa choti mkodzo wasintha mtundu.

Tisanapite patali, tiyeni tigwirizane kaye kaonedwe kake. Mkodzo suoneka bwino m'chimbudzi chokumba, pamchenga kapena m'chitini chakuda. Pezani botolo loyera loonekera m'kati, mulitsuke ndi madzi okha, mwana akodzeremo, ndipo mutuluke nalo panja pa dzuwa. Kumbuyo kwa botololo ikani pepala loyera la m'kope. Mkodzo wabwinobwino umakhala wachikasu chopepuka ngati udzu wouma, ndipo umatha kuona zala zako kuseri kwa botolo. Wam'mawa umakhala woderako chifukwa usiku wonse munthu sanamwe madzi. Wa munthu amene wakhala padzuwa la Okutobala akulima kapena kukoka khoka umaderanso. Woterewu sudetsa nkhawa ngati munthuyo ali bwinobwino. Amwe makapu atatu kapena anayi a madzi, muonenso akakodza kawiri kapena katatu. Ngati kunali kuchepa madzi m'thupi, mtunduwo umabwerera m'malo mwake tsiku lomwelo.

Tsopano wofiira. Funso loyamba lomwe ndimafunsa mayi ndi lakuti, magaziwo akubwera nthawi yanji? Likodzo lili ndi kachitidwe kake. Mkodzo umayamba wabwino, kenaka kumapeto penipeni, pomwe mwana akufinya kuti amalize, ndi pomwe pamadontha magazi ofiira. N'chifukwa chake nthawi zambiri mumaona timadontho pa kabudula wam'kati, mwanayo akusewera bwinobwino, thupi losatentha. Ena amamva kuwawa pang'ono pomaliza kukodza, ena samva kanthu.

Chomwe chimachitika ndi ichi. Munthu wa likodzo akakodzera m'madzi, amasiyamo mazira. Mazirawo amaswa, tizilombo take timalowa mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi, timaswana mmenemo, kenaka timatuluka tambirimbiri kufunafuna khungu la munthu. Sitidikira bala, timaboola khungu labwinobwino pomwe mukuchapa, kutsuka mbale, kuwokera mpunga m'dambo kapena mwana akusambira. Tikalowa timakula kukhala nyongolotsi zomwe zimakakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo zimatha kukhala mmenemo zaka zitatu mpaka zisanu, zina kuposera apo, zikuikira mazira tsiku ndi tsiku. Dzira lililonse lili ndi kaminga kumapeto kwake. Mazirawo akamadutsa khoma la chikhodzodzo kuti atuluke ndi mkodzo, amasiya timabala. Chikhodzodzo chikamafinyika pomaliza kukodza, timabalato timachucha. Magazi a kumapeto aja ndi amenewo.

Matendawa si achilendo. Dokotala wa ku Germany dzina lake Theodor Bilharz adaona nyongolotsizi koyamba mu 1851 ku Cairo, m'dziko la Egypt. Kale anthu ambiri ankakhulupirira kuti nkhonozi zimangokhala m'madambo ndi m'madzi odekha a m'bango, ngati a m'mbali mwa Chia, koma osati m'nyanja yaikulu pomwe pali mchenga woyera. Maganizo amenewo adagwa pomwe mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito yodzipereka adadwala likodzo lomwe lidagwira ubongo ndi msana atasambira ku Cape Maclear, ndipo kafukufuku wotsatira adaonetsa kuti nyanja yathuyi nayonso imapatsa likodzo. Choncho musanene kuti mwana wanga sapita kudambo, amangosamba kunyanja.

Tiyerekeze muli ndi mnyamata wa zaka 9, wolemera makilogalamu 30, ndipo kwa sabata ziwiri mwakhala mukuona madontho a magazi pa kabudula wake. Thupi silikutentha, nkhope sinatupe, akudya bwino. Uyu si woti mubwereke njinga usiku, koma ndi woti sabata ino isathe asanaonedwe. Pitani naye m'mawa ndithu kuti mugwire mzere, koma dziwani kuti mazira a likodzo amachuluka mu mkodzo wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, makamaka wa kumapeto uja. Musamutengere mkodzo wa dzulo m'botolo kuchokera kunyumba. Akakodzere komweko m'kabotolo komwe akupatseni. Komwe kuli labotale, ngati pa chipatala chachikulu cha boma cha Nkhotakota kapena pa chipatala cha mishoni cha St Anne's, amatha kuviikamo kapepala koonetsa magazi, ndi kuuyang'ana pa makina okulitsa zinthu kuti aone mazirawo. Pa chipatala chaching'ono chopanda makina, dokotala amatha kupereka mankhwala pongomva mbiri yake, chifukwa kunyanja kuno mwana wokodza magazi kumapeto nthawi zambiri amakhala ndi likodzo.

Mankhwala ake ndi prazikwantelo, mapiritsi aakulu oyera owawa aja. Mlingo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kumwa kamodzi. Mnyamata wathu wa makilogalamu 30 akufunika mamiligalamu 1,200, ndipo poti piritsi limodzi ndi la mamiligalamu 600, amwa awiri. Bambo wa makilogalamu 60 amwa anayi. Kusukulu, komwe kulibe sikelo, a zaumoyo amaimika mwana pa ndodo yoyezera msinkhu, ndodoyo ndi imene imanena kuchuluka kwa mapiritsi. Ndalemba masamuwa kuti muone chifukwa chomwe kugula piritsi limodzi pa golosale n'kugawira ana atatu kuli kutaya ndalama. Sindinawalembe kuti muzidzipimira nokha kunyumba.

Ndikudziwa kuti pali makolo amene amauza ana kuti athawe tsiku la mankhwala kusukulu. Sindiwaseka, chifukwa zomwe adaona ndi zoona. Prazikwantelo amatha kubweretsa chizungulire, nseru, kupweteka m'mimba ndi kufooka kwa maola angapo, ndipo zimakula ngati mwana wamwa ndi njala, kapena ngati ali ndi nyongolotsi zambiri. Mwana amene wachoka kunyumba 6 koloko wosadya kanthu, n'kumwa mapiritsiwa 11 koloko dzuwa lili pamutu, akhoza kugwa ndithu. Yankho lake ndi chakudya. Tsiku limenelo adye phala lolimba, mbatata, chinangwa kapena kondowole wotsala dzulo, ndipo atengeko china m'thumba. Ngati mwana ali ndi matenda akugwa, kapena akudwala tsiku limenelo, uzani a zaumoyo asanamwe.

Akamwa, magazi sasiya tsiku lomwelo. Timabala tija timafuna nthawi kuti tipole, choncho mukhoza kuonabe madontho kwa masabata angapo, koma akuchepa. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri magazi akadalipo, bwererani naye. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zikuluzikulu, koma zazing'ono zomwe zangolowa kumene amaziphonya, ndipo sateteza mwana kuti asadzatengenso. Ndiye chifukwa chake mankhwala a kusukulu amabwerezedwa. Kuuza mwana wa kunyanja kuti asakhudze madzi a m'nyanja n'kudzinamiza, tonse tikudziwa. Zomwe zingatheke ndi zoti madzi osambitsira khanda akhale a pamjigo, kapena a m'nyanja koma owiritsa, kapena ogonetsa m'ndowa masiku awiri, chifukwa tizilomboti sitikhala moyo nthawi yaitali tikapanda kupeza munthu. Ndipo aliyense, wamkulu ndi mwana yemwe, asiye kukodzera m'madzi.

Mwina mukufunsa kuti nanga ngati mwana akusewera bwinobwino, changu n'chachiyani? Mazira ambiri satuluka. Amakodwa m'khoma la chikhodzodzo ndi m'timipaipi tochokera ku impso, ndipo thupi limawakuta ndi zipsera. Mwana amachepa magazi pang'onopang'ono, amatopa msanga, m'kalasi amasinza. Zaka zikamapita, zipsera zija zimatha kupanikiza njira ya mkodzo mpaka impso kutupa ndi kuwonongeka. Ndipo likodzo lokhalitsa limayambitsa khansa ya chikhodzodzo munthu atakula. Chopusitsa chake n'chakuti mnyamata akamafika zaka za unyamata magazi oonekawo nthawi zambiri amachepa okha, anthu n'kumati si uyo wachira yekha, pomwe zipserazo zatsala m'kati.

Amayi anzanga, pali mbali ina yomwe sitiikamba. Mazira omwewa amakakhalanso m'njira ya abambo ndi pa khomo la chiberekero. Mtsikana kapena mayi amayamba kumva kuyabwa, kutuluka chikazi chachilendo, kupweteka pogonana, kapena kutuluka magazi akatha kugonana. Ambiri amalandira mankhwala a matenda opatsirana pogonana kambirimbiri osachira, m'banja n'kuyamba kulozana zala, pomwe gwero lake ndi madzi ochapira. Kwa abambo, makamaka asodzi, magazi amatha kuoneka mu umuna. Mukapita kuchipatala ndi zizindikiro zimenezi, nenani nokha kuti ine ndimakhala kunyanja, ndimachapa ndi kusamba m'nyanja, kodi silingakhale likodzo? Ngati ndinu oyembekezera nenaninso. Prazikwantelo amaperekedwa kwa amayi oyembekezera miyezi itatu yoyamba ikadutsa, koma amene aweruze ndi a kusikelo.

Apa pali chenjezo kwa akuluakulu. Bambo kapena mayi wa zaka zopitirira 40 akakodza magazi, makamaka opanda ululu, magazi osakanikirana ndi mkodzo wonse kapena okhala ndi timibulu toundana, asakhutire ndi mawu akuti ndi likodzo. Amwe prazikwantelo ngati dokotala wanena, koma magaziwo akabweranso, ngakhale atasiya miyezi iwiri pakati, apemphe kuunikidwa chikhodzodzo ndi impso. Khansa ya chikhodzodzo imachita chonchi, kutulutsa magazi, kusiya, kudzayambanso. Ena amafunika kutumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ulendo umenewo umathandiza ukachitika msanga. Bambo wachikulire amene mkodzo watsekeka, chinena chatupa ndipo akubuula, apite nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku.

Si kufiira konse komwe kuli magazi a m'chikhodzodzo. Amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB amakodza mkodzo wofiirira ngati fanta, ngakhale thukuta ndi misozi zimasintha. Amenewo ndi mankhwala a rifampisini, musasiye kumwa chifukwa cha zimenezo. Fulajilo naye amatha kudetsa mkodzo. Mayi amene ali kumwezi kapena wangobereka kumene, magazi amatha kungosakanikirana ndi mkodzo potuluka. Koma mayi woyembekezera akaona magazi, asataye nthawi kuganiza kuti achokera njira iti. Apite tsiku lomwelo.

Tibwere ku womwe umandidetsa nkhawa kuposa wofiira. Uwu ndi mkodzo wooneka ngati tiyi wopanda mkaka, tiyi wa masamba ambiri, kapena ngati kokakola. Wofiira umaopsa m'maso, koma nthawi zambiri umakupatsani masiku. Wa tiyi, ukabwera pamodzi ndi kudwala, sukupatsani masiku. Mukauona, musayang'anitsitse botolo lokha. Yang'anani mwana. Gwirani thupi lake, tsegulani zikhatho zake, muone m'maso, muone nkhope.

Ngati thupi likutentha, zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwayera, mwana wafooka, ganizani za malungo aakulu. Magazi akuphwanyikira m'mitsempha momwemo, ndipo utoto wake ndi umene ukutuluka kudzera mu impso. Mwana wotere amatha kutha magazi m'maola ochepa, impso nazo zimatha kuima. Ngakhale atakhala kuti wayamba kale kumwa LA, uyu si wa mapiritsi a kunyumba. Akufunika chipatala chogoneka odwala, komwe angabayidwe jakisoni wa atesuneti, kuyezedwa kuchuluka kwa magazi ndi kuwonjezeredwa ngati kuli kofunika. Pali ana ena, makamaka aamuna, amene anabadwa ndi magazi osachedwa kuphwanyika akamwa mankhwala ena monga bakitirimu kapena fansida. Choncho tengani mapaketi a mankhwala onse omwe wamwa, a kugolosale ndi a zitsamba omwe, mukaonetse. Musabise poopa kukalipiridwa. Dokotala akadziwa chomwe chamwedwa amapeza njira msanga.

Ngati thupi silikutentha kwambiri koma nkhope yatupa, makamaka m'zikope podzuka m'mawa, mapazi atupa, ndipo mkodzo ndi wochepa kwambiri, ganizani za impso. Bwererani m'mbuyo m'maganizo. Kodi mwanayu anali ndi zilonda za mafinya m'miyendo, kapena mphere zomwe adazikanda mpaka kutukusira, masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi apitawo? Kodi adadwala zilonda za pakhosi sabata imodzi kapena ziwiri zapitazo? Pali tizilombo ta m'zilonda zimenezi tomwe, thupi likamalimbana nato, timasefa ta mu impso timatupa. Zilondazo zimakhala zitapola kale, n'chifukwa chake makolo ambiri saziganizira. Madzi ndi mchere zimadzadza m'thupi, magazi amathamanga kwambiri, mwana wa zaka 6 n'kumadandaula mutu ngati munthu wamkulu wa BP, ndipo akhoza kukomoka kapena kubanika. Apa ndi pomwe dzina la likodzo limapweteka ana. Mayi amati ndi likodzo lomwe lija, ena amati nkhope yatupa chifukwa chosowa zakudya, ena amati waponda mankhwala. Ana ambiri a matendawa amachira bwinobwino akasamalidwa masiku oyambawo, pomwe amayezedwa kuthamanga kwa magazi ndi kupatsidwa mankhwala ochotsa madzi. Popita kuchipatala musamupatse bulufeni, musamupatse zamchere, ndipo uyu musamukakamize madzi ambiri poganiza kuti mukutsuka impso. Madziwo alibe kotulukira.

Ngati m'maso, pomwe pamayenera kuyera, mwachita chikasu, vuto likhoza kukhala ku chiwindi kapena njira ya ndulu. Gwedezani botolo lija. Mkodzo wa ndulu umachita thovu lachikasu, ndipo umasiya chikasu pa nsalu yoyera. Munthuyo amataya chilakolako cha chakudya, amachita nseru, nthawi zina chimbudzi chake chimayera ngati dothi la makande oyera. Matenda otupa chiwindi alipo a mitundu ingapo, ena amabwera ndi madzi kapena chakudya chodetsedwa, ena kudzera m'magazi ndi pogonana. Kuno ku Malawi ana akhala akulandira katemera wa mtundu wa B kusikelo kuyambira 2002, koma akuluakulu ambiri amene anabadwa chisanafike chaka chimenecho sanalandire. Wa chikasu aonedwe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, asiye mowa, ndipo asamangomeza panado kapena zitsamba, chifukwa zonsezo zimadutsa m'chiwindi chomwe chatopa kale. Akakhala mayi woyembekezera, kapena munthu amene akumwa mankhwala a TB kapena ma ARV, kapena wayamba kusokonezeka mutu ndi kugona kwambiri, asadikire kuti kuche. Chimodzimodzi khanda lomwe ladutsa masabata awiri lili lachikasu, thewera likuda ndi mkodzo pomwe chimbudzi chili choyera. Mkodzo wa khanda umayenera kukhala pafupifupi ngati madzi.

Za mkodzo wa mbuu, wooneka ngati madzi otsukira mpunga, sindichulutsa. Mkodzo uliwonse ukakhalitsa m'chitini umachita mbuu ndi kununkha, choncho oneni watsopano. Ngati watsopanowo uli wa mbuu, ndipo pokodza pakuwotcha, mukupita kawirikawiri koma kumangodontha pang'ono, mwina muli mafinya, tizilombo talowa m'chikhodzodzo. Izi zimagwira amayi kwambiri chifukwa njira yathu ya mkodzo ndi yaifupi. Pitani mawa, mukalandire mankhwala oyenera, mumalize onse. Makapisozi awiri a kugolosale amangoziziritsa ululu, tizilombo n'kutsala tolimba. Zikafika poti thupi likutentha, mukunjenjemera, mukusanza, ndipo msana ukupweteka chammbali pansi pa nthiti, tizilomboto takwera ku impso, ndipo limenelo ndi la lero. Ambiri amalitenga ngati malungo. Akakuyezani malungo osawapeza, nenani za mkodzowo, musachoke ndi panado yekha.

Kwa mayi woyembekezera ndimaumirira kwambiri. Tizilombo ta mu mkodzo timakwera msanga pa nthawi ya pakati, ndipo timatha kuyambitsa matenda mwana asanakhwime. Musadikire tsiku lanu la sikelo. Mwana wamng'ono sanganene kuti pakuwotcha. Iye amangotentha thupi, kulira pokodza, kapena kuyambanso kukodza pogona atasiya kale. Abambo amene mkodzo uli wa mbuu komanso kukutuluka mafinya ku chida, chikhoza kukhala chinzonono, ndipo mankhwala ake amafunika mulandire nonse awiri ndi amayi kunyumba.

Womaliza ndi womwe anthu amausangalalira, woyera ngati madzi a pamjigo. Ngati mwamwa madzi ambiri, kapena mwadya mavwende, kapena mukumwa mankhwala a BP okodzetsa, palibe chodabwitsa. Chomwe chimandichititsa kufunsa zambiri ndi kuchuluka kwake ndi ludzu. Munthu akudzuka kanayi kapena kasanu usiku, chitini chikudzadza, pakamwa pakuuma ngakhale wangomwa kumene, akudya koma akuonda, maso akuchita chidima, ndipo pomwe wakodza pakusonkhana nyerere. Amenewo akhoza kukhala matenda a shuga. Shuga akachuluka m'magazi amatayikira mu mkodzo, ndipo potuluka amakoka madzi ambiri. Kuyeza kwake ndi kadontho ka magazi a pachala, mphindi zochepa chabe. Wamkulu apite sabata yomweyo. Koma mwana kapena wachinyamata amene akuonda msanga, akumwa madzi osakhuta, wayambanso kukodza pamphasa, musamumenye, ndipo musadikire. Shuga wa ana amathamanga. Akayamba kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama ndi kuodzera, nyamukani nthawi yomweyo, ndipo mukafika nenani kuti mukupempha amuyeze shuga, chifukwa zizindikiro zimenezi zimafanana ndi malungo. Agogo amene mkodzo wawo uli woyera usiku uliwonse, wa thovu losaphwa msanga, mapazi akutupa, akayezetse impso ndi BP.

Ena mundiuza kuti zonsezi n'zosavuta kulemba, koma chipatala chili kutali, kabaza ndi ndalama, ndipo nthawi zina umafika n'kuuzidwa kuti mankhwala kulibe kapena timapepala toyezera tatha. Zimachitika, sindikana. Ndi chifukwa chomwecho ndikufuna muzisiyanitsa, kuti ndalama ya ulendo igwe pa tsiku loyenera. Mnyamata wa madontho a kumapeto uja, wosatentha thupi, akhoza kudikira tsiku lomwe mukupita kale kumsika wa pa boma sabata yomweyi, ndipo mukhoza kuyamba mwafunsa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu ngati prazikwantelo alipo. Koma mwana wa mkodzo wa tiyi amene watentha thupi, watupa nkhope, wayera zikhatho, wachita chikasu m'maso, kapena watha tsiku lonse osakodza, ameneyo gulitsani nkhuku, dzutsani aneba, pitani naye komwe amagoneka odwala.

Mukafika, mawu oti akukodza moipa satithandiza mokwanira. Tiuzeni tsiku lomwe zinayamba, ngati magazi ali koyamba, kumapeto kapena mkodzo wonse, wakodza kangati kuyambira dzulo, wamwa mankhwala anji, anali ndi zilonda liti, ndipo prazikwantelo adamwa komaliza chaka chiti. Tengani buku lake la kuchipatala. Amene muli ndi foni yojambula, jambulani botolo lija panja pa dzuwa musananyamuke, chifukwa nthawi zina mwana amafika kuchipatala atamwa madzi m'njira, mkodzo n'kuoneka bwinoko kusiyana ndi womwe munauona m'mawa.